Amalume, musanaimbire aliyense za hediseti yanu, yambani mwayesa izi

Hediseti ya Bluetooth ikasiya kugwira foni, mawu oyamba omwe anthu amanena ndi akuti yafa. Ine zomwe ndagwirapo m'manja, za abale ndi za anansi, zambiri zinali zamoyo. Ina inali itangotha moto, ina inali itagwidwa ndi foni ya munthu wina m'nyumba momwemo, ndipo ina foni ndi hedisetiyo zinali zitangoiwalana. Mavuto atatu onsewa munthu atha kuthana nawo atakhala pakhonde, osawononga mayunitsi kapena ndalama ya kabaza yopitira kwa okonza mafoni.

Ndikulemba izi poganizira amalume anga, omwe adapitirira zaka 70 ndipo makutu adayamba kulemera. Kwa iwo hediseti si chidole. Ndiyo imawathandiza kumva bwino ana akaimba kuchokera ku Joni, ndipo ikangovuta amakhala masiku angapo akungoti "ati bwanji?" pafoni mpaka woimbayo kutopa. Choncho ndilankhula ndi iwo mwachindunji. Inu awerengi amene muli ndi agogo, azakhali kapena bambo otere, mutha kudula tsambali n'kukawawerengera pang'onopang'ono, foni ili m'manja mwawo, osati mwanu.

Amalume, choyamba chotsani nkhawa imodzi. Bluetooth sadya mayunitsi, safuna bando ndipo sadalira netiweki. Ngakhale foni itakhala yopanda simukhadi, hediseti itha kugwira. Ndi kawailesi kakang'ono komwe kali m'foni ndi m'hediseti, ndipo ziwirizi zimamvana pamtunda wa mamita pafupifupi 10 ngati palibe chotchinga. Khoma la njerwa limachepetsa mtundawu. Tsono ngati foni mwaisiya kuchipinda inu muli kuseri kwa khola, mawu kudukaduka si matenda. Pa zonse zomwe ndikuuzeni pano, ikani foni ndi hediseti pamodzi patebulo, motalikirana osapitirira mkono umodzi.

Pali mawu awiri ofunika kuwasiyanitsa, chifukwa foni imawasiyanitsa. Oyamba ndi kudziwana. Tsiku lomwe hediseti idabwera, wina adaidziwitsa kwa foni yanu, ndipo foni idasunga dzina lake. Izi zimachitika kamodzi. Achiwiri ndi kulumikizana, komwe kumachitika tsiku lililonse mukayatsa hediseti. Dzina likhoza kukhala losungidwa bwinobwino m'foni koma ziwirizi osalumikizana, monga momwe nambala ya munthu imakhalira m'foni mwanu ngakhale simukulankhula naye. Mukaligwira bwino phunziro limeneli, zotsatirazi sizikuvutani.

Tiyambe ndi moto. Yatsani hediseti monga mwa masiku onse, kenaka yang'anani kanyali kake ndipo mvetserani. Ngati kanyali sikakuyaka ndipo simukumva kalikonse, kapena yayaka n'kuzima yokha posakhalitsa, ilowetseni pa tchaja. Musafulumire kuweruza. Batire likatheratu, kanyali katha kutenga mphindi khumi kapena kupitirira kasanaonetse kuti moto ukulowa. Isiyeni theka la ola musanayesenso, ndipo kuti idzaze imafuna ola limodzi kapena awiri. Zambiri zimayatsa kanyali kofiira pamene zikutchaja, ndipo kamazima kapena kusintha mtundu zikadzaza. Pakatha theka la ola kanyali kali zii, sinthani chingwe, kenaka sinthani mutu wa tchaja. Zingwe zimaduka m'kati kunja zikuoneka zabwinobwino, makamaka pakhosi pomwe zimapindika. Suzumiraninso kabowo kolowetsa chingwe, chifukwa fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimadzazamo. Chotsani ndi kamtengo kowuma kopyapyala, mofatsa, osati singano kapena waya. Chinthu chinanso: hediseti zambiri sizigwira ntchito zili pa tchaja, choncho izuleni kaye musanayese kulumikiza.

Pali mwambo wina woti batire lofooka aliika padzuwa kuti "lidzuke". Izo zisiyeni. Batire la m'hediseti ndi la mtundu wa la m'foni, ndipo kutentha kumalipha msanga.

Ngati yanu ndi ya timitu tiwiri tolowa m'kabokosi, dziwani kuti kabokosiko nako kali ndi batire lake, ndipo ndiko kamatchaja timituto. Kabokosi kakatha moto, timitu timagonamo usiku wonse osalandira kanthu. Tchajani kabokosiko timitu tili m'kati. Onaninso timadontho tachitsulo tomwe tili pa timitu ndi m'kabokosi. Thukuta ndi phula la m'khutu zikamatapo, moto sudutsa. Pukutani ndi kansalu kowuma, bwezeranimo, ndipo onetsetsani kuti kamutu kalikonse kayatsa nyali yake pokhala pansi.

Moto ulipo? Tsopano tipite ku foni. Ikani chala pamwamba penipeni pa sikirini n'kukokera pansi. Patuluka timabatani tingapo. Funani ka Bluetooth, komwe chizindikiro chake chimaoneka ngati chilembo B chosongoka, chokhala ndi timizere tiwiri kumanzere. Kakakhala kowala kapena ka mtundu, Bluetooth ndi woyaka. Kakakhala kotuwa, wazima, ndipo mungokadina kamodzi. Pomwepo yang'ananinso kabatani kokhala ndi chithunzi cha ndege, kolembedwa kuti Airplane mode kapena Flight mode. Kameneka kamadinika mwangozi foni ili m'thumba, ndipo pa mafoni ambiri kamazimitsa Bluetooth pamodzi ndi netiweki. Mukaona kandege pamwamba pa sikirini pomwe pamakhala timizere ta netiweki, zimitsani kameneko.

Ngati Bluetooth anali woyaka kale, muzimitseni, werengani mpaka khumi, muyatsenso. Zikakanika, zimitsani foni yonse n'kuiyatsanso, ndipo chitani chimodzimodzi ndi hediseti. Anyamata amaseka njira imeneyi poti ndi yachikale, koma nawonso ndi yomwe amayamba nayo mukawapatsa foni, kungoti amachita atakufulatirani.

Apa ndi pomwe pakufunika magalasi anu owerengera. Tsegulani Settings, kachizindikiro kooneka ngati giya ya njinga. Pa mafoni ambiri a Android mupeza mawu akuti Connected devices kapena Bluetooth. Pa Samsung mumayamba mwadina Connections kenaka Bluetooth. Njira yachidule ndi kudina kabatani ka Bluetooth kaja osachotsa chala kwa masekondi awiri, ndipo foni ikufikitsani pomwepo. Muona mndandanda wa mayina pansi pa mawu monga Paired devices, Saved devices kapena Previously connected devices. Awa ndi mayina a zipangizo zomwe foni yanu ikuzidziwa. Dzina la hediseti nthawi zambiri limakhala lomwe lidalembedwa pa katoni yake kapena pa thupi lake, mwina zilembo ndi manambala chabe.

Dzinalo likakhalapo, hediseti ili yoyaka, lidineni kamodzi n'kudikira. Pakalembedwa Connected kapena Active, zatheka. Pakalembedwa Connecting kwa kanthawi kenaka n'kubwerera mwakale, kapena pakatuluka uthenga wa Couldn't connect, musataye mtima. Pali zifukwa ziwiri zomwe zimabweretsa zimenezi kawirikawiri, ndipo choyamba ndi chomwe chimasokoneza anthu kwambiri.

Hediseti zambiri zotsika mtengo zimalankhula ndi foni imodzi pa nthawi imodzi, ndipo zikayaka zimathamangira foni yomwe zidalumikizana nayo komaliza. Mukumbukira zomwe zidachitika mdzukulu wanu atabwereka hediseti Lamulungu lina kuti amvere nyimbo. Adaibweza madzulo ili bwinobwino, motonso ulimo. M'mawa mwake inu mutaiyatsa, mudamva mawu aja a mzimayi akuti "konekitedi", koma foni yanu itaitana mawu adatulukira pa sipika ya foni, m'makutu muli zii. Mutadina dzina lake pa mndandanda, foni idakana. Hediseti sinali kunama. Idalumikizanadi, koma ndi foni ya mdzukuluyo, yomwe inali pa tchaja kuchipinda china, Bluetooth wake ali woyaka. Titamuuza kuti azimitse Bluetooth pafoni yake, tidazimitsa hediseti n'kuiyatsanso, tidadina dzina lake pafoni yanu, ndipo idagwira nthawi yomweyo. Zonse sizidakwane mphindi ziwiri.

Chizindikiro chake ndi chimenecho: hediseti ikunena kuti yalumikizana, kapena kanyali kake kakuphethira mwa apo ndi apo modekha monga imachitira ikagwira, koma foni yanu sikuonetsa Connected. Zikatero funsani m'nyumbamo kuti ndani adaigwiritsapo ntchito, ngakhale mwezi watha. Onse azimitse Bluetooth pa mafoni awo. Musaiwale foni yanu yakale ngati mudapatsa munthu wa pakhomo pomwepo, chifukwa nayo ikadali kuidziwa hedisetiyo. Ndipo kuti vutoli lisabwerere mawa, kuzimitsa kokha sikukwanira. Wobwerekayo alowe pa mndandanda wa m'foni yake n'kufufuta dzina la hediseti yanu, mwa njira yomwe ndikufotokozereni tsopano. Ine maganizo anga ndi akuti hediseti ya munthu wamkulu isamabwerekedwe n'komwe, koma ndikudziwa kuti kumana mdzukulu si chinthu chapafupi.

Chifukwa chachiwiri ndi kuiwalana. Hediseti imasunga mafoni owerengeka okha m'mutu mwake, ndipo ikadutsa m'manja ambiri, kapena wina akaidina mabatani molakwika, itha kutaya foni yanu pamene foniyo ikadasungabe dzina lake. Apa kudina dzinalo kambirimbiri sikuthandiza. Mankhwala ake ndi kufufuta dzinalo n'kuzidziwitsanso ngati zatsopano.

Pambali pa dzina la hediseti pali kagiya kakang'ono, kapena kachizindikiro ka muvi. Dinani pamenepo. Mupeza mawu akuti Forget kapena Unpair. Pa iPhone ndi kachilembo i kozunguliridwa, ndipo mawu ake ndi Forget This Device. Dinani, ndipo foni ikafunsanso, vomerani. Musaope. Izi zikufufuta dzina la hediseti lokha. Manambala a anthu, zithunzi ndi mauthenga anu sizikukhudzidwa.

Tsopano hediseti iyenera kudzionetsa kuti foni iipeze, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalephera, chifukwa amangoiyatsa basi. Kuyatsa ndi kwina, kudzionetsa ndi kwina. Yambani mwaizimitsa. Kenaka dinani batani loyatsira ndipo musachotse chala ngakhale mutamva kuti yayaka. Pitirizani kukanikiza, mukuwerenga pang'onopang'ono mpaka faifi, mwina mpaka seveni kapena kupitirirako pang'ono. Pa hediseti zambiri kanyali kamayamba kuphethira mosinthanasinthana, kufiira ndi buluu, mofulumira, ndipo zina zimanena mawu akuti "peyaring'i". Mukaona zimenezo, chotsani chala. Zina zimaphethira mtundu umodzi koma mothamanga. Chofunika ndi chakuti kaphethiridwe kake kasiyane ndi ka masiku onse. Za timitu tiwiri nthawi zambiri zimadzionetsa zokha mukatsegula kabokosi kapena mukatulutsa timitu tonse tiwiri nthawi imodzi, ndipo kabokosi kakakhala ndi kabatani, mumakanikiza kameneko chivindikiro chili chotsegula. Ngati kapepala komwe kadabwera m'katoni mukadali nako, zithunzi zake zikuonetsani batani lenileni.

Hediseti sidikira tsiku lonse. Imadzionetsa kwa mphindi zochepa, kenaka imasiya kapena kuzima yokha. Choncho bwererani ku foni msanga, pa tsamba lomwe lija, n'kudina Pair new device. Pa mafoni ena mawu ake ndi Scan kapena Refresh, ndipo ena amayamba okha kufufuza mukangotsegula tsambalo. Pansi pa Available devices payamba kutuluka mayina. Ngati muli pamalo a anthu ambiri, patuluka ndi mayina a mafoni ndi masipika a eni ake, ndipo amenewo asiyeni. Dinani dzina la hediseti yanu lokha. Foni ikafunsa, dinani Pair kapena OK. Zina zakale zimapempha nambala, ndipo nambalayo kawirikawiri ndi 0000, ikakana yesani 1234.

Pa nambalayi ndiime pang'ono. Foni itha kulemba kuti PIN, koma si nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso si yotsegulira foni. Palibe gawo lililonse la ntchito yolumikiza hediseti lomwe limafuna nambala ya ndalama zanu. Munthu wokuthandizani akaipempha, tengani foni yanu.

Pa foni ya mabatani nkhani ndi yomweyi, kungoti mawu amasiyana. Bluetooth amapezeka mu Settings kapena mu Connectivity, mumamuyatsa, kenaka mumafuna pomwe palembedwa Search kapena Add new device.

Pali vuto lina lomwe limaoneka ngati lomweli koma ndi losiyana: foni yalemba Connected, koma m'makutu mulibe mawu. Yambani ndi voliyumu, ndipo kumbukirani kuti ilipo pawiri, ya pafoni ndi ya pa hediseti. Tsegulani nyimbo kapena uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, ndipo pamene ukusewera kwezani batani la m'mbali mwa foni, kenaka la chizindikiro cha + pa hediseti. Kwezani pang'onopang'ono kuti mawu asakubooleni khutu akabwera mwadzidzidzi. Zikakhalabe chete, dinani kagiya ka pambali pa dzina kaja. Muona timabatani tiwiri, Phone calls ndi Media audio, kapena Calls ndi Audio pa Samsung. Koyamba ndi ka mawu a munthu woimba foni, kachiwiri ndi ka nyimbo, mavidiyo ndi mauthenga a mawu. Tonse tiwiri tikhale toyaka. Ichi n'chifukwa chake nthawi zina nyimbo zimamveka koma foni ikaitana mawu amatulukira kwina. Mukakhala pakati pa kulankhula, sikirini imaonetsanso kabatani kosankhira komwe mawu atulukire, ndipo mutha kusankha Bluetooth pamenepo. Onaninso ngati foni sinagwire sipika ya Bluetooth ya pabalaza m'malo mwa hediseti. Ngati sipikayo ndi yoyaka, izimitseni kaye.

Mawu amodzi kwa okonda wailesi ya m'foni, ija ya FM Radio yosafuna bando: pa mafoni ambiri imafuna mahedifoni a chingwe, chifukwa chingwecho ndicho chimakoka siteshoni. Ikakana kutseguka ndi hediseti ya Bluetooth, hedisetiyo ilibe mlandu.

Tsopano malire anu, amalume. Mu Settings muli malo ena olembedwa Reset kapena Reset options. Kumeneko kulidi njira yofufuta zonse za Bluetooth ndi Wi-Fi nthawi imodzi, ndipo nthawi zina imathandiza. Koma pafupi nayo pamakhala ina yolembedwa Erase all data kapena Factory reset, yomwe imasesa foni yonse: zithunzi za zidzukulu, mauthenga, ndi manambala omwe adasungidwa m'foni momwemo. Kusiyana kwake ndi mzere umodzi kapena iwiri, ndipo chala chimaterereka. Kumeneko musapiteko nokha. Musatsegulenso hediseti ndi mpeni kuti muone m'kati. Ndipo mukaona kuti yatupa, ikutentha kwambiri pa tchaja, kapena ikununkha ngati pulasitiki wopserera, izuleni, ichotseni pafupi ndi bedi ndi moto, ndipo musaivalenso. Imeneyo ndiye yathadi.

Zonsezi zikakanika, patsala yeso limodzi lomwe lingakuuzeni kuti wodwala ndani. Zimitsani Bluetooth pafoni yanu, ikani hediseti podzionetsa paja, ndipo pemphani mnansi aifufuze ndi foni yake. Ikagwira kwa iye n'kumveka bwino, hediseti ndi yamoyo ndipo vuto lili m'foni yanu. Mukatha, mnansiyo afufute dzina lake, apo ayi mubwereranso ku nkhani ya mdzukulu ija. Ikapanda kuoneka pafoni yake, yesani mbali inayo: lumikizani foni yanu ndi sipika kapena hediseti ya wina. Foni ikagwira chipangizo cha wina koma yanu osaoneka pa mafoni awiri osiyana, pamenepo tinganene kuti hediseti ndiyo yavuta. Ngati imayaka ili pa tchaja pokha n'kuzima mukangoizula, kapena moto wa ola lathunthu umatha m'mphindi zochepa, batire lakalamba. Pa hediseti zotsika mtengo, kusintha batire nthawi zambiri sikupindula poyerekeza ndi kugula ina, choncho funsani mtengo wa yatsopano musanalipire wokonza. Ngati ndi yogula chaposachedwa, sungani lisiti ndi katoni, mubwerere nazo komwe idagulidwa.

Mukafika poimba foni, kaya kwa ine kaya kwa wina, musayambe ndi kuti "chinthu chija chafa". Konzekerani kuyankha zinthu zinayi: kodi kanyali kakuyaka, ndipo ndi mtundu wanji, kodi hediseti ikunena mawu otani mukaiyatsa, kodi pansi pa dzina lake pafoni palembedwa chiyani, ngakhale mutatchula chilembo chimodzichimodzi, ndiponso idatani pafoni ya mnansi. Ngati n'kotheka imbani ndi foni ya munthu wina, kuti yanu ikhale m'manja ndipo muzitha kuona sikirini pamene tikulankhula. Hediseti ikhale yotchaja kale, magalasi ali kumaso.